Zovala zoyamba kugula mukapita kukaphunzira ku Glasgow

Ophunzira ambiri amafika ku Scotland mu Seputembala atanyamula chijasi cholemera cha pa kaunjika, poganiza kuti kulemera ndiko kufunda. Ine ndimalangiza kuti ndalamazo muzisunge, mukagule konko, chifukwa chisanu cha ku Glasgow ndi chamvula ndi mphepo. Mu Januwale masana kumakhala madigiri 6 kapena 7, usiku kumayandikira 0. Chili ngati chiperoni chimene chakana kutha kwa miyezi ingapo.

Yambani ndi zamkati, zokhudza khungu. Mukayenda mwandawala kupita m'kalasi mumatuluka thukuta, ndipo malaya a thonje amamwa thukutalo n'kulisunga. Mukangoima podikira basi, chinyezicho chimazizira pamsana, mumanjenjemera ngakhale mwavala jekete yokwera mtengo. Gulani malaya awiri a manja aatali ogwira thupi, ndi kathalauza kamkati kamodzi, za poliyesita kapena za ubweya wa nkhosa za merino. Poliyesita ndi yotchipa ndipo imauma msanga, koma imanunkha ikavalidwa kawiri. Merino imadula, koma mutha kuivala masiku angapo isanafune kuchapidwa. Onani kansalu ka pakhosi kapena ka m'mbali: pakalembedwa "100% cotton", bwezerani pa shelefu.

Kenaka jombo. Zikhale zosalowa madzi, zofika pa kakolo, za mphira wa mizere yakuya kunsi, chifukwa m'mawa kukazizira misewu imaterera. Poyesa muvale masokosi okhuthala a ubweya, ndipo zala zizitha kugwedezeka momasuka. Nsapato yothina imachepetsa kuyenda kwa magazi, moti kuunjika masokosi awiri m'nsapato yaing'ono kumaziziritsa mapazi koposa.

Jekete ndiyo yomaliza, ndipo mpaka Okutobala juzi ndi kajekete ka mvula zikukwanirani. Za nthenga za bakha kapena tsekwe zimafunda kwambiri komanso n'zopepuka, koma nthenga zikanyowa zimagwirana, kufunda kumatha, ndipo zimachedwa kuuma m'kachipinda ka wophunzira. Ku Glasgow sankhani yokhala ndi poliyesita mkati, nsalu yakunja yosalowa madzi, chipewa chake chomangika bwino, ndiponso yofika m'ntchafu. Pa chikalata chake pazilembedwa "waterproof", osati "water-resistant", imene imapirira mvula yowaza yokha. Ambulera musaidalire, mphepo ya kumeneko imaitembenuza. Muiyese jeketeyo mutavala juzi, mukweze manja, mutseke zipi mpaka pachibwano. Mashopu a zovala zakale monga a Oxfam amakhala ndi majekete abwino pamtengo wotsika, koma jombo ndi zamkati gulani zatsopano.

Amene akupita ku Winnipeg kapena ku Edmonton, ku Canada, nkhani yawo ndi ina. Kumeneko kuzizira kumatha kufika madigiri 30 pansi pa 0, mpweya ndi wouma, ndiye jekete ya nthenga yofika m'mawondo ndi jombo zofunda mkati zigulidwe Novembala asanafike.