Mwapempha chikalata ku khonsolo koma yankho silikubwera? Mafunso ndi mayankho

"Ndinalemba kalata yopempha malipoti a ndalama za mlatho wa kwathu. Patha mwezi, ziii. Kodi mwaitaya?"

Mwina sitinaitaye, koma tivomere kuti makalata ena amatisowadi. Masiku apitawa tafufuza madandaulo angapo otere, ndipo ambiri vuto lake ndi limodzi: kalata inasiyidwa kwa mlonda pachipata kapena kwa wachibale wogwira ntchito pano, osadutsa ku kaundula wa makalata. Kalata yotere ilibe chidindo cha tsiku, ndiye palibe poyambira kuwerenga masiku. Bwerani ndi makalata awiri ofanana. Imodzi musiye, inayo akudindireni, alembepo tsiku ndi kusayina, mubwerere nayo kunyumba. Ikani mu pulasitiki, chifukwa ndi mboni yanu.

"Ufulu umenewu ukuchokera kuti?"

Ku gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino, ndi ku lamulo la Access to Information la 2017, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020.

"Ndilembe bwanji kuti musandizungulitse?"

Lembani kwa mkulu woona zopereka uthenga, amene pachitseko pake palembedwa Information Officer. Chichewa timalandira. Amene satha kulemba afotokoze pakamwa, ife tilemba ndi kumuwerengera.

Chimene chimatichedwetsa kwambiri ndi pempho lotakata. Wina akalemba kuti "ndikufuna zonse za CDF", kalaliki sadziwa kabati yoti atsegule. Taonani mmene wina angalembere: "Bwana, ndikupempha kope la mgwirizano wa pakati pa khonsolo ndi kontilakitala amene anamanga mlatho wa m'mudzi mwathu ndi ndalama za CDF m'chaka cha boma cha 2023/24, pamodzi ndi mapepala osonyeza ndalama zimene analipidwa. Ndikupempha motsatira lamulo la Access to Information, ndipo ndidzayamikira yankho lolemba m'masiku amene lamulo linaika." Atchule dzina la mlathowo, wodi, mfumu yaikulu ya deralo, dzina lake ndi nambala ya foni. Ngati pamalopo pali chikwangwani cha pulojekiti, koperani nambala ya kontirakiti imene ili pamenepo. Nambala imeneyo imatifikitsa pa fayilo tsiku lomwelo.

"Masiku ake ndi angati?"

Ndi 15 ogwira ntchito. Kalata yodindidwa Lolemba pa 2 iyenera kukhala itayankhidwa pofika Lolemba pa 23, ngati pakati palibe holide. Pamene nkhaniyo ikukhudza moyo kapena ufulu wa munthu, ndi maola 48.

"Anandiuza kuti ndilipire kaye. Si katangale ameneyu?"

Funso ili timaliyankha mosamala, chifukwa sitikufuna kuweruza wantchito tisanamve mbali yake. Kupereka pempho n'kwaulere. Palibe ndalama ya fomu, ya chidindo, kapena "ya fanta" yoti fayilo iyende. Chimene mungalipire ndi mtengo wojambulira mapepalawo, ndipo umadalira kuchuluka kwa masamba. Mgwirizano wa mlatho ukhoza kukhala wa masamba ambiri, choncho funsani kaye kuti ndi angati, mwina mukufunapo ochepa chabe. Mungathenso kupempha kudzawerenga fayiloyo pano pa ofesi.

Ena amati n'chifukwa chiyani alipire pepala la boma pamene amakhoma kale msonkho. Dandauloli tikulimva, koma inki ndi mapepala zimatithera, ndipo nthawi zina makina athu amakhala atafa. Chofunika kugwiritsa n'chakuti ndalama iliyonse ilipidwe kwa wolandira ndalama wa khonsolo, ndipo mulandire lisiti. Wina akakuuzani kuti mumutumizire pa foni yake, musatumize. Lembani tsiku ndi zimene ananena, mukatule kwa bwanamkubwa.

"Kodi mumakana dala kuti mubise zinthu?"

Ayi. Lamulo lomwelo limatiletsa kutulutsa zina, monga zachinsinsi za munthu wina kapena zimene zingasokoneze kafukufuku wa mlandu. Koma tikakana tiyenera kulemba chifukwa chake. "Abwana kulibe" si chifukwa.

"Masiku 15 adutsa. Nditani tsopano?"

Lembani kalata yachiwiri, yaifupi, kwa bwanamkubwa, mumatepo kope la yoyamba ija ya chidindo. Mwachitsanzo: "Bwana, pa 2 ndinapereka pempho lomwe ofesi yanu inalandira ndi kudinda. Masiku a lamulo atha ndipo sindinayankhidwe. Ndikupempha kuti muunikenso nkhaniyi ndi kundiyankha molemba." Musatukwane kapena kutchula munthu kuti ndi wakuba, chifukwa zikatero nkhani imasanduka ya mawu anuwo, za mlatho n'kuiwalika. Zikakanika apa, pitani ku Malawi Human Rights Commission, bungwe limene limayang'anira lamuloli, ndipo pambuyo pake kuli khoti. Kumeneko adzayamba kukufunsani makalata awiri a chidindo aja.