Zoyera Zili pa Buledizi ndi Chuku Kapena Ufa? Zimene Chithunzi Chingakuuzeni

Wachibale wakutumizirani chithunzi cha buledi wokhala ndi zoyera pamwamba, akufunsa ngati angapatse ana. Musanayankhe, dziwani kuti chithunzi chingakutsimikizireni kuti buledi wachita chuku, koma pachokha sichingakutsimikizireni kuti ali bwino. Chuku chikamayamba chimakhala choyera ngati ufa, mtundu wobiriwira kapena wakuda umabwera pambuyo pake.

Zoyang'ana pa chithunzi

Yambani ndi malo pamene pali zoyerazo. Ufa amauwaza pa buledi asanalowe mu uvuni, ndiye umapezeka pachikhokho pokha, pamwamba kapena pansi, ndipo pena umakhala utapserera pang'ono. Mkati mofewa, modulidwa ndi mpeni, ufa sufikamo kawirikawiri. Zoyera zikakhala pankhope ya silayisi, musafunsenso zambiri, buledi ameneyo ndi wotaya.

Kenako kulitsani chithunzicho. Ufa umagona chafulati, wouma, womwazikana mopanda malire. Chuku chimayambira pa kadontho n'kumakula mozungulira, ndipo chimatukuka ngati thonje, m'mbali muli tiubweya. Timadontho takuda ngati mitu ya mapini pamwamba pa ubweyawo ndi chizindikiro cha chuku chotchedwa Rhizopus stolonifer. Banga lobiriwira pakati koma loyera m'mphepete kawirikawiri limakhala la Penicillium. Komabe mtundu suuza ngati chukucho chili ndi poizoni kapena ayi, zimenezo amaziyeza ku labotale. Chuku chilichonse pa buledi tichitenge kuti ndi choipa.

Pamene chithunzi chimanamiza

Fulashi ya foni imayeretsa zonse ndi kubisa tiubweya tija, ndipo WhatsApp imachepetsa kuoneka bwino kwa chithunzi potumiza. Choncho pemphani china chojambulidwa panja pamthunzi, fulashi itazimitsidwa, buledi atamutulutsa m'jumbo, ndiponso chojambulidwa cham'mbali kuti chotukuka chioneke.

Chovuta kwambiri n'chakuti pali tizilombo tina ta gulu la yisiti timene timapanga mabanga oyera, ouma ngati choko, opanda ubweya, makamaka pa buledi wodulidwa kale wa m'pulasitiki. Amenewa pa chithunzi amafanana ndi ufa kotheratu. N'chifukwa chake mafunso amathandiza kuposa maso.

Tiyerekeze kuti buledi anagulidwa Lolemba mu Januwale, nyengo yamvula ndi yotentha, ndipo lero ndi Lachinayi. Chithunzi chikuonetsa mabanga atatu oyera m'mbali mwa chikhokho. Funsani: kodi zoyerazi zinalipo tsiku logula? Kodi m'jumbomo muli timadontho ta madzi? Kodi buledi wa mtundu umenewu amakhala ndi ufa pamwamba nthawi zonse? Buledi wamba wa m'sitolo, wodulidwa kale, nthawi zambiri sawazidwa ufa. Akayankha kuti Lolemba panalibe kanthu ndipo jumbo ili ndi chinyezi, chimenecho ndi chuku, ngakhale chithunzi chisaonetse ubweya. Ufa suwonjezeka, ndipo subwera wokha patapita masiku atatu. Ngati sakukumbukira, mabanga olekana chonchi pa buledi wa masiku angapo sayenera kupatsidwa mwayi.

Ngati zoyerazo zinalipo pogula, zili pachikhokho pokha ndipo buledi ndi wa lero kapena dzulo, apukute pang'ono ndi chala chouma. Ufa umachoka ngati fumbi, chikhokho n'kutsala chopanda banga. Koma asanunkhize pafupi ndi mphuno, chifukwa njere za chuku zimauluka ndipo zingathe kudzutsa mphumu.

Chikakhala chuku

Tayani buledi yense. Tikudziwa kuti buledi ndi ndalama, ndipo kudula powonongeka n'kudya kotsalako kumaoneka kwanzeru. Vuto ndi lakuti buledi ali ndi timabowo tambiri, ndipo timizu ta chuku timayenda mkati kutali ndi banga looneka. Kuwamba pamoto sikuthandiza, popeza poizoni amene mitundu ina ya chuku imapanga satha ndi kutentha kotere. Mangani jumboyo, itayeni kumene ana ndi ziweto sangafike, nkhuku musazipatse, ndipo tsukani ndi kuumitsa mosungira buledi musanaikemo wina.

Munthu wathanzi akadya pang'ono mosadziwa, nthawi zambiri sadwala. Koma akayamba kusanza kosalekeza, kutsekula m'mimba, kutupa nkhope kapena kubanika, apite kuchipatala msanga. Mwana wamng'ono, mayi woyembekezera, wokalamba ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika asadye buledi wokayikitsa, ngakhale chithunzi chioneke bwino chotani.