Mahedifoni oletsa phokoso akayamba kulira kuti sii

Mahedifoni oletsa phokoso, aja amalembedwa kuti ANC, amamvetsera phokoso la pamalo pamene muli kenako sipika yake imatulutsa mawu otsutsana nalo, kuti ziwirizo zikakumana pakhutu zifafanizane. Ambiri ali ndi timaikolofoni kunja kwa chikho chilichonse, ndipo kena kali mkati, pafupi ndi sipika, koyesa phokoso lomwe latsalira. Njirayi imagwira bwino pa phokoso la besi losasinthasintha, monga kulindima kwa injini kapena fani, makamaka lochepera mahetsi 1,000. Mawu okwera, monga mbale zikamagundana, amatchingidwa ndi siponji yozungulira khutu. Choncho ngati mukumvabe anthu akulankhula chapansipansi, palibe chimene chawonongeka.

Ka sii kapansipansi komveka mofanana makutu onse mukakhala m'chipinda cha zii nakonso si vuto. Kamachokera m'timaikolofonimo ndi m'zipangizo zokweza mawu, ndipo nyimbo ikayamba simukamvanso. Chofunika kuchifufuza ndi kusiyana kwa mbali ziwirizo.

Tinene kuti kumanzere kukumveka sii wamphamvu ndipo kulindima kwa fani kukulowa, pomwe kumanja kuli bwino. Khalani pafupi ndi faniyo koma mphepo yake isakuwombeni, nyimbo ikhale yozimitsa, kenako zimitsani ANC. Sii uja akapitirira, vuto lili kwina, mwina chingwe kapena sipika. Akatha, yatsaninso ANC ndipo mukanikize pang'ono m'mphepete mwa chikho cha kumanzere ndi zala, osatseka timabowo ta maikolofoni. Kulindima kuja kukachepa, ndiye kuti siponji sikumata bwino pamutu.

Apa ndi pamene ndimapeza vuto kawirikawiri. Siponji ikakalamba imaphwa, chikopa chake chimasupuka chifukwa cha thukuta ndi mafuta a pakhungu, ndipo pamatsala kampata komwe simungakaone mutavala. Phokoso la besi limalowera pomwepo, ndipo makina a ANC amalimbana ndi phokoso lochuluka kuposa limene anakonzedwera. Miyendo yokhuthala ya magalasi kapena tsitsi lolowa pansi pa siponji zimachita zomwezo, ndiye vulani magalasi muyesenso musanagule chilichonse. Ngati munasintha masiponji posachedwa, yendetsani chala kuzungulira konse muone ngati timano tonse togwira siponjiyo pa chikho tinalowa. Kamodzi kokha kakatsala, mpata ulipo. Masiponji osakhala a kampani yomwe inapanga mahedifoniwo amatha kukwana bwinobwino koma n'kusiyana makulidwe, zomwe zimasintha kuchuluka kwa mpweya pakati pa sipika ndi khutu. Makinawo anachunidwa motengera siponji yoyambirira ija. Sinthani onse awiri nthawi imodzi.

Kukanikiza kukapanda kusintha kanthu, yang'anani timabowo ta maikolofoni ndi tochi. Fumbi losakanikirana ndi mafuta limamata pa kasefa kake, ndipo pa timahedifoni tolowetsa m'khutu limakhala phula la m'khutu. Maikolofoni yotsekeka imamva phokoso molakwika, ndiye mawu otsutsa aja amatulukanso olakwika: kuletsa kumachepa, kapena mumamva kuthetheka, nthawi zina kulira kwa tswii. Lozetsani bowolo pansi n'kulipukuta mopepuka ndi mswachi wofewa komanso wouma, kuti zinyalala zigwe m'malo molowa mkati. Musalowetsemo singano, musapoperemo mpweya wamphamvu, musathiremo madzi kapena sipiliti, chifukwa kachikopa ka mkati n'kopyapyala kwambiri. Ngati vutolo linayamba mutatuluka thukuta kapena mutanyowa ndi mvula, chotsani masiponji, muwasiye mahedifoniwo ozimitsa pamalo opita mpweya kwa tsiku lathunthu.

Famuweya, pulogalamu ya mkati mwa mahedifoni, ndi imene anthu amathamangira kuiloza chala, koma ine ndimaiika kumapeto. Mu 2019 eni mahedifoni a Bose QC35 II ambiri anadandaula kuti famuweya ya 4.5.2 yafooketsa kuletsa phokoso. Kampaniyo itafufuza inanena mu 2020 kuti famuweyayo sinasinthe kanthu, ndipo m'mahedifoni ena omwe inayesa inapeza masiponji osalowa bwino kapena osakhala ake. Inde, mwini katundu ndiye ankadzifufuza yekha, komabe mfundo ina ndi yosavuta kuiona: famuweya ndi imodzi kumakutu onse, choncho vuto la mbali imodzi silichokera kumeneko kawirikawiri.

Kuletsa kukafooka mbali zonse mutangoika famuweya yatsopano, tsegulani pulogalamu ya pafoni muone ngati zosankha zasintha. Njira yochepetsa phokoso la mphepo imafooketsa kapena kuzimitsa timaikolofoni takunja, ndipo njira yodzisinthira yokha imachepetsa mphamvu pamalo abata. Kenako abwezereni mahedifoniwo momwe analili pochoka kufakitale, motsatira kabuku kake, muwalumikizenso pa Bluetooth. Poika famuweya, batire likhale lodzaza ndipo musadukize. Dziwaninso kuti makampani ambiri salola kubwerera ku yakale. Sii wa mbali imodzi akatsalabe mutachita zonsezi, nthawi zambiri ndiye kuti maikolofoni kapena kawaya kake kafa. Ngati walanti ikadalipo, musatsegule chikhocho nokha.