Draw No Bet, Double Chance ndi GG: mtengo wake weniweni ndi uti?

Anthu ambiri obetcha pa mpira amati akapsa kangapo ndi masewero othera kulepherana, amathawira ku Draw No Bet kapena ku Double Chance, poganiza kuti kumeneko ndiye kuli mpumulo. Ena amasiyiratu zolosera wopambana, n'kumangosankha kuti matimu onse awiri agoletsa, zimene pa foni zimalembedwa kuti BTTS kapena GG. Nzoona kuti zitatuzi zimasintha kaluzidwe kanu. Koma gawo la kampani silichoka, ndipo kuti muone pamene labisala muyenera kuwerengera masewero amodzi mpaka kumapeto.

Tiyerekeze masewero amene timu ya pakhomo yapatsidwa maodzi a 2.10, kulepherana 3.30, timu yoyenda 3.60. Manambalawa ndi achitsanzo chabe, koma ndi ofanana ndi amene mumaona matimu akakhala kuti sanasiyane mphamvu kwambiri. Mukagawa 100 ndi nambala iliyonse mupeza mwayi umene mtengowo ukunena: 47.6, 30.3 ndi 27.8. Kuwonkhetsa zonse zikukwana 105.7. Masewero sangathe mwanjira ina kupatula zitatuzi, ndiye zimayenera kukwana 100 ndendende. Zapamwambazo, 5.7, ndiye phindu la kampani. Tikalichotsa, mwayi weniweni ukutsala pafupifupi 45 kwa a pakhomo, 29 kulepherana, 26 kwa oyenda. Sungani manambala atatuwa, chifukwa tibwererako.

Draw No Bet ikutanthauza kuti mwasankha timu imodzi, ndipo akalepherana ndalama yanu ibwerera yonse popanda phindu. Mtengo wake sugwa kuchokera kumwamba ayi. Mutha kuupanga nokha ndi maodzi atatu aja. Muli ndi K10,000. Ikani K3,030 pa kulepherana, pa 3.30 imabweza K10,000 yanu ija. K6,970 yotsalayo ikani pa timu ya pakhomo, pa 2.10 ibweretsa pafupifupi K14,640. Ndiye kuti Draw No Bet ya timu ya pakhomo ndi 1.46. Mwachidule:

```
DNB = H × (D − 1) ÷ D
1X  = H × D ÷ (H + D)
```

H ndi maodzi a timu ya pakhomo, D ndi a kulepherana. Mzere wachiwiriwo ndi wa Double Chance, imene imakulipirani pa zotsatira ziwiri mwa zitatu. 1X ndi ya pakhomo kupambana kapena kulepherana, X2 ndi kulepherana kapena oyenda kupambana, 12 ndi aliyense kupambana bola asalepherane. Pa chitsanzo chathu, K6,111 pa a pakhomo ndi K3,889 pa kulepherana zimabweretsa pafupifupi K12,830 mbali iliyonse, ndiye 1X ndi 1.28.

Taonani makwerero ake: 2.10, kenako 1.46, kenako 1.28. Phindu la K11,000 latsika kufika pa K4,600 kuti kulepherana kusakudyereni ndalama, ndipo latsikanso kufika pa K2,800 kuti kulepherana kuzikulipirani. Chitetezocho mwachigula ndi ndalama zanu zomwe.

Funso lalikulu n'lakuti, kodi mwagula motchipa kapena modula? Tiyerekeze kuti masewero omwewa aseweredwa ka 100, ndipo nthawi iliyonse mukuika K10,000, zonse pamodzi K1,000,000. Wobetcha pa timu ya pakhomo basi awina ka 45, kulandira K945,000. Wa Draw No Bet awina ka 45 pa K14,600, abwezeredwa ka 29, aluza ka 26, zonse K947,000. Wa 1X awina ka 74 pa K12,800, kukwana K947,200. Anthu atatu, njira zitatu, koma onse aperewera ndi ndalama zopitirira pang'ono K50,000. Amene wawina ka 74 akuyenda monyadira kuti ali ndi diso la mpira, pomwe m'thumba mwake muli chimodzimodzi ndi mnzake amene waluza ka 55.

Chimene chasintha ndi kagwedwe kake. Pa 2.10 mumakwera ndi kutsika mwamphamvu, ndipo kuluza kanayi kapena kasanu kotsatizana si zachilendo. Pa 1.28 mumawina pafupipafupi, koma kuluza kamodzi kumafufuta phindu la kuwina pafupifupi kanayi. Kuti musaluze pa mtengo umenewo muyenera kulondola ka 78 pa 100, pomwe mwayi weniweni ndi 74. Kusiyana kwa 4 kumeneko simungakuone pa sabata imodzi kapena mwezi umodzi. Ndicho chifukwa chake ndimaona Double Chance ya timu yamphamvu ngati yonyenga kuposa zonse: imakusangalatsani nthawi yaitali isanakuonetseni kuti mukutsika.

Kuwerengera uku kuli ndi ntchito ina imene ambiri saiganizira. Kampani simakakamizika kuika Draw No Bet pa 1.46 ndendende. Mwina mupeza 1.50, mwina 1.40. Ikakhala pamwamba pa nambala imene mwawerengera, tengani yoikidwa kaleyo. Ikakhala pansi, ndiye kuti akukulipitsani kawiri, ndipo kugawa ndalama nokha pa mabeti awiri n'kwabwinoko. Yang'ananinso pa gawo la Asian Handicap ngati lilipo: 0 ndi chimodzimodzi Draw No Bet, +0.5 ndi chimodzimodzi Double Chance ya timuyo. Chinthu chimodzi, mayina awiri, koma nthawi zina mitengo imasiyana pa foni yomweyo.

Pakati pa Draw No Bet ndi Double Chance, kusankha kumadalira zimene mukukhulupirira pa kulepherana. Ngati mukuona kuti timu yoyenda ikunyozedwa ndipo ikhoza kupambana, Draw No Bet yake pa chitsanzo chathu ndi 2.51. Ngati maganizo anu ndi akuti ingotseka kumbuyo n'kukana kugonja, X2 pa 1.72 ndi imene ikugwirizana ndi zimene mukuona, chifukwa 0-0 ndi 1-1 zimakulipirani. Za 12, imene ili pa 1.33, sindikhalitsapo. Kumeneko mukungobetcha kuti sadzalepherana, ndipo mwapereka mwayi wa 29 pa 100 kwa kampani pofuna phindu la K3,300.

GG ndi nkhani ina. Siichokera ku maodzi atatu aja, choncho simungaipange nokha monga tachitira ndi zinazo. Funso lake si lakuti wapambana ndani, koma ngati timu iliyonse yaona golo la inzake. 2-1 ndi 1-2 kwa iyo ndi chimodzimodzi, pomwe kwa munthu wa 1X wina ndi chisangalalo, wina ndi maliro. 3-0 imalipira Draw No Bet ndi 1X, koma imapha GG. 0-0 imabweza ndalama ya Draw No Bet, imalipira 1X, imaphanso GG. Apa palibe kubwezeredwa, mwawina kapena mwaluza.

Chifukwa maodzi ake amakhala pafupi ndi 2.00, GG imaoneka yokoma kuposa 1.28 kapena 1.46. Werengerani kaye. Mukapeza GG pa 1.85 ndi NG, kutanthauza kuti timu imodzi kapena onse sagoletsa, pa 1.85, mbali iliyonse ikunena 54.05, zonse 108.1. Phindu la kampani ndi 8.1, kuposa 5.7 uja. Mwayi weniweni ndi theka kwa theka, ndiye pa masewero 100 mulandira K925,000, kuperewera ndi K75,000. Si nthawi zonse zimakhala chonchi, koma kuti mudziwe n'kosavuta, popeza manambala ndi awiri okha oti muwonkhetse.

Cholakwa chimene chimabwera kawirikawiri pa GG ndi kuyang'ana timu yamphamvu. Munthu amati timu iyi imagoletsa sabata iliyonse, GG ilowa basi. Koma amene wagwira tiketi yanu ndi timu yofookayo. Yamphamvu ikakhala ndi mwayi wa 90 pa 100 wogoletsa, yofooka 45, mukachulukitsa mupeza pafupifupi 40 pa 100, ndipo mtengo woyenera ukhala 2.50. Kuchulukitsaku n'kongoyerekeza, chifukwa chigoli chimodzi chimasintha kaseweredwe ka onse awiri, koma kumakwana kukuonetsani kuti 1.85 pa masewero otere ndi yodula kwambiri. Choyenera kufufuza ndi kuti yofookayo imalephera kangati kugoletsa ikakhala koyenda, ndi kuti yamphamvuyo imamaliza kangati osagoletsedwa pakhomo.

Masewero omaliza a chikho cha dziko lonse pa 18 Disembala 2022 ku Lusail, m'dziko la Qatar, akusonyeza bwino momwe zitatuzi zimasiyanirana. Argentina inatsogola 2-0 chigawo choyamba ndi zigoli za Messi ndi Di María. Mpaka mphindi ya 79, wa Draw No Bet ya Argentina anali akuwerengera phindu, wa GG atataya mtima. Mbappé anagoletsa ziwiri, mphindi ya 80 ndi ya 81. Chigoli chake choyamba chinapulumutsa GG, ndipo GG ikalowa yalowa, palibe chingaichotse. Chachiwiri chinafufuta phindu la Draw No Bet. Wa Double Chance ya Argentina kapena kulepherana sanakhudzidwe, ngakhale chigoli chachitatu cha France chikanamugwetsa. Mphindi 90 zinatha 2-2, nthawi yoonjezera 3-3, ndipo Argentina inatenga chikho pa mapenate, 4-2. Komabe wa Draw No Bet ya Argentina anangobwezeredwa ndalama yake, chifukwa mabeti onse atatuwa amawerengera mphindi 90 ndi zija woimbira amaonjezera kumapeto kwa chigawo chilichonse. Nthawi yoonjezera ya mphindi 30 ndi mapenate sizilowamo, pokhapokha zitalembedwa pa betiyo.

Pamene kusiyanaku kumakula kwambiri ndi pa tiketi ya masewero ambiri. Draw No Bet ikathera kulepherana, masewerowo amawerengedwa pa 1.00: tiketi siifa, koma ndalama yolandira imatsika. Double Chance ndi imene anthu amakonda kuunjika, poti iliyonse payokha imaoneka ngati singalephere. Ikani zisanu za 1.28, maodzi akwana 3.44. Mwayi woti zonse zisanu zilowe, iliyonse pa 74 pa 100, ndi 22 pa 100 basi. Pa matiketi 100 a K10,000 mulandira pafupifupi K757,000. Phindu la kampani limene linali kupitirira pang'ono K50,000 pa mabeti 100 a masewero amodzi lachulukana pafupifupi kasanu, ndipo tsopano likudya pafupifupi kwacha imodzi pa makwacha anayi alionse amene mwaika.