Kuloweza ndondomeko ya mafumu: pamene pamavuta ndi pakati

Munthu amene akuphunzira mndandanda wa mafumu kapena wa atsogoleri a dziko kawirikawiri savutika ndi mayina enieniwo, chifukwa ukamutchulira dzina amavomera msanga kuti akulidziwa. Chimene chimamuthawa ndi malo a dzinalo, kuti ndani anatsogola ndipo ndani anabwera pambuyo pa mnzake. Vutoli silifalikira mofanana pamndandanda wonse. M'chaka cha 1976, akatswiri awiri a maphunziro a kaganizidwe ka munthu, Henry Roediger ndi Robert Crowder, anapempha ophunzira a pasukulu ya ukachenjede ku America kuti alembe mapulezidenti a dziko lawo. Ophunzirawo anakumbukira bwino oyambirira ndi omalizira, koma a pakati anasowa kwambiri, kupatula Abraham Lincoln, wa nambala 16, amene anatsogolera dzikolo pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni. Choncho njira iliyonse yolowezera iyenera kuyesedwa ndi funso limodzi, loti kodi ikuthandiza pakati pomwepo, makamaka pamene pali mayina awiri ofanana oyandikana.

Tiyeni titenge mafumu oyamba a ufumu wa Roma, chifukwa mndandanda wawo uli ndi misampha yonse imene ndikunena. Augusto analamulira kuyambira chaka cha 27 Khristu asanabadwe mpaka chaka cha 14 Khristu atabadwa. Anatsatira Tiberiyo mpaka 37, Kaligula mpaka 41, Klaudiyo mpaka 54, kenako Nero mpaka 68. Nero atadzipha, mpando unadutsa m'manja mwa Galba, Oto ndi Viteliyo m'kanthawi kochepa, mpaka Vespasiyano anaukhazikitsa kumapeto kwa chaka cha 69. Ana ake awiri, Tito ndi Domisiyano, anamutsatira, ndipo wotsirizayu anafa mu 96. Onse pamodzi ndi mayina 11.

Ntchito yoyamba ndi kuudula mndandandawu, chifukwa mutu wa munthu sugwira zinthu zatsopano 11 nthawi imodzi. Kudulako kusakhale kwa chisawawa, koma kutsate pamene mbiri yokha inadukira. Asanu oyamba ndi a banja limodzi, atatu otsatira ndi amene sanakhalitse pa nthawi ya chipwirikiti, ndipo atatu omaliza ndi bambo ndi ana ake. Tikatero tatsala ndi magulu atatu, la asanu, la atatu ndi lina la atatu, ndipo gulu lililonse lili ndi chiyambi ndi mapeto akeake, kotero kuti malo a pakati, amene amaiwalika msanga, achepa kwambiri. Kudula kumeneku kwathetsanso msampha umodzi tisanaugwire n'komwe. Viteliyo ndi Vespasiyano onse amayamba ndi V ndipo ndi oyandikana, koma popeza Vespasiyano ndi bambo wa Tito, malo ake ali m'gulu lachitatu ndipo sangasinthanenso ndi mnzakeyo.

Njira imene ambiri amathamangira ndi yopanga chiganizo kuchokera ku zilembo zoyamba. Kwa asanu oyambawo zilembo zake ndi A, T, K, K, N, ndipo wina angapange chiganizo chakuti “Ana, tsopano konzekani kuthamanga nonse.” Chiganizochi n'chosavuta kukumbukira, koma chili ndi chilema pamalo penipeni pamene timafuna thandizo, popeza K woyamba ndi K wachiwiri sakutiuza kuti Kaligula ndi uti, Klaudiyo ndi uti. Wophunzira amachitchula molimba mtima, nalemba mayina onse asanu, koma awiri a pakatiwo atawatembenuza, ndipo sazindikira kuti walakwa chifukwa chiganizocho chikugwirizanabe ndi yankho lolakwikalo. Mankhwala ake ndi kusankha mawu amene akutenga phatikizo loyamba la dzina, osati chilembo chokha. Chiganizo chakuti “Anyani tiwasiye, kalulu kulibe n'komwe” chili bwinoko, chifukwa “kalulu” akukokera ku Kaligula, pamene “kulibe” akumveka ngati chiyambi cha Klaudiyo. Ngakhale chitakonzedwa chotere, chiganizo chimagwira ntchito kwa munthu amene mayinawo akuwadziwa kale, ndipo chimayenda njira imodzi yokha. Mukafunsidwa amene analamulira Nero asanalowe, muyenera kuyamba kuchokera kwa anyani aja n'kumawerenga pa zala.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaiona kuti ndi yodalirika pa mindandanda yaitali, ndi yoika mayina m'malo amene mumawadziwa bwino. Ndi yakale kwambiri: Sisero, wolankhula wotchuka wa ku Roma, anafotokoza nkhani ya mlakatuli wachigiriki Simonidesi, amene akuti anazindikira mitembo ya anthu amene denga linawagwera paphwando pokumbukira pamene aliyense anakhala. Maziko ake ndi akuti ndondomeko ya malo a m'nyumba yanu simungaisokoneze, ndiye mumabwereka ndondomeko imeneyo n'kupachikapo mayina. Sankhani njira imene mumayenda nthawi zonse, mwachitsanzo chipata, khonde, chitseko, mpando wa pabalaza ndi zenera, ndipo muziyenda mbali imodzimodziyo nthawi iliyonse. Pachipata mangani kalendala yaikulu yotsegulidwa pa mwezi wa Ogasiti, umene unatchulidwadi dzina la Augusto. Pakhonde ikani mbala ziwiri zikunong'onezana kuti “tibe,” ndiye Tiberiyo ameneyo. Pachitseko pakhale kansapato ka msilikali kotsekereza kuti chitseko chisatseguke, chifukwa dzina lakuti Kaligula linali lomuseka nalo asilikali ali mwana, potengera tinsapato ta usilikali timene ankavala. Pampando gonekani ndodo yoyendera, poti Klaudiyo ankatsimphina, ndipo pazenera makatani aziyaka, kukumbutsa moto umene unapsereza Roma mu 64, Nero akulamulira.

Onani kuti zithunzi zinayi mwa zisanuzi zachokera m'mbiri yeniyeni, ndipo chimodzi chokha, cha mbala zija, n'chongosewera ndi kamvekedwe ka dzina. Ndimalangiza kuti chithunzi cha m'mbiri chizikhala choyamba kufunidwa, chifukwa chimakuphunzitsani kanthu kena koona pamene chikusunga malo. Chithunzicho chiyeneranso kukhudza malowo, osangoyandama pafupi. Nsapato imene yangoikidwa penapake m'nyumba imasochera m'maganizo, koma nsapato imene ikukuletsani kutsegula chitseko siingasamukire pazenera. Ubwino waukulu wa njirayi ndi wakuti mutha kulowera pena paliponse ndi kuyenda chobwerera m'mbuyo. Kuipa kwake ndi kwakuti mukaika mindandanda iwiri m'malo amodzimodzi masiku oyandikana, zithunzi zimasakanikirana, choncho mndandanda uliwonse umene mukufuna kuusunga nthawi yaitali upatseni njira yakeyake.

Koma pali chomangira china cholimba kuposa zonsezi, chomwe ndi kudziwa chifukwa chimene wina analowera m'malo mwa mnzake. Anthu amatembenuza Kaligula ndi Klaudiyo osati chifukwa cha zilembo zokha, komanso chifukwa Klaudiyo anali wamkulu, mng'ono wa bambo ake a Kaligula, ndiye maganizo amafuna kumuika patsogolo. Zimene zinachitika n'zakuti mu Januwale 41 asilikali olondera mfumu anapha Kaligula, ndipo asilikali a gulu lomwelo anakweza Klaudiyo pampando. Pambuyo pake Klaudiyo anakwatira Agripina, mayi ake a Nero, n'kumutenga Nero ngati mwana wake. Amene wamvetsa ziganizo ziwirizi sangaikenso Kaligula pakati pa Klaudiyo ndi Nero. Sikofunika kufufuza nkhani yotere pa dzina lililonse. Ifufuzeni pamfundo zokhazo zimene mwaona kuti mumapunthwapo.

Pa magawo a ntchito yaitali kapena a zochitika m'chilengedwe, chomangira cha chifukwachi ndicho chiyenera kutsogola, popeza gawo lililonse limakonza zimene gawo lotsatira likufuna. Tengani kugawikana kwa selo m'thupi, kumene ophunzira sayansi ya zamoyo amaloweza ngati purofezi, metafezi, anafezi ndi telofezi. Poyamba makoromozomu, tizingwe tosunga chibadwa mkati mwa selo, amakhuthala n'kuyamba kuoneka, kenako amafola pakati pa selo, kenako amang'ambika pawiri n'kukokedwera mbali ziwiri, ndipo pomaliza mbali iliyonse imakutidwa n'kukhala phata la selo yatsopano. Palibe chimene chingakokedwe mofanana kupita mbali ziwiri chisanafole pakati, ndiye ndondomeko ya zochitikazo imadzisunga yokha. Chotsala ndi kumata mayina pa zochitikazo, ndipo apa zilembo P, M, A, T zikukwanira chifukwa palibe chobwerezedwa. Pagawo lililonse dzifunseni kuti n'chiyani chiyenera kukhala chitatha kuti gawoli litheke. Ngati funsoli lilibe yankho, mwina magawo awiriwo amachitika nthawi imodzi, ndipo kuwakakamiza kuti akhale pamzere umodzi ndi kuloweza chinthu chabodza.

Mavuto oterewa amapezekanso kwa olamulira. Grover Cleveland anali pulezidenti wa nambala 22 komanso wa nambala 24 wa America, ndipo pakati pake panali Benjamin Harrison, choncho ayenera kupatsidwa malo awiri m'njira yanu, apo ayi manambala onse otsatira adzatsetsereka ndi imodzi. Pamene maufumu awiri ankalamulira nthawi imodzi, monga Yuda ndi Israeli, pamafunika njira ziwiri zoyendera limodzi. Zaka nazo sizibwera zokha ndi njirazi. Ndi bwino kukhoma zaka zochepa pamalo odukira magulu, monga 68, 69 ndi 96 pa mafumu a Roma aja, n'kumayerekezera zina kuchokera pamenepo.

Kuti mudziwe ngati ndondomeko yakhazikika, musadziyese potchula mndandanda kuyambira pachiyambi, chifukwa lilime limatha kuthamanga lokha ngati likuimba nyimbo pamene mutu sukudziwa malo a dzina lililonse. Tsekani buku, sankhani dzina la pakati, monga Oto, ndipo munene amene anali patsogolo pake ndi amene anamutsatira. Mukazengereza kapena mukayamba kubwerera kwa Augusto, mfundo imeneyo ndi yofooka, ndipo muikonze posintha chithunzi kapena pofufuza chifukwa chimene Oto analowera m'malo mwa Galba, chomwe ndi chakuti iye ndi amene anakonza chiwembu chimene Galba anaphedwa nacho mu Januwale 69. Bwerezani kudziyesa kumeneku mawa lake, kenako patapita masiku angapo, kenako patapita sabata kapena kuposerapo, nthawi iliyonse mukuyambira pa dzina lina la pakati.