Ukalamba wa ndege suwerengedwa ndi zaka zokha

Ndege ikakwera mamita 10,000, mpweya wa kunja umachepa kwambiri moti munthu sangapume bwino. Choncho makina amapopera mpweya m'kati, ndipo mpweyawo umakankha khoma la ndege ndi mphamvu yoposa matani 5 pa sikweya mita iliyonse. Thupi la ndege limafufuma pang'ono, ikatera limafwamphuka. Ulendo uliwonse, wautali kapena waufupi, ndi kufufuma kumodzi, ndipo amisirife timawerenga kufufumako pofuna kudziwa msinkhu weniweni wa ndege.

Waya ukamaupindapinda pamalo amodzi umathyoka. Aluminiyamu wa ndege amatopanso chimodzimodzi, kungoti pang'onopang'ono. Mng'alu umayambira pamene mphamvu yaunjikana, makamaka m'mphepete mwa mabowo a mariveti, misomali yolumikizira malata a ndege, ndipo umakula pang'ono ulendo uliwonse.

Zimene zinachitikira ndege ya Aloha Airlines pa 28 Epulo 1988 zikuonetsa bwino zimenezi. Inali Boeing 737 yomwe inkayenda maulendo afupiafupi pakati pa zilumba za Hawaii. Maola ake ouluka anali pafupifupi 35,500, osadetsa nkhawa, koma inali itanyamuka ndi kutera maulendo 89,680. Ili pa mamita 7,300, denga lotalika mamita oposa 5 linasasuka. Mayi mmodzi wogwira ntchito m'ndegemo anamwalira, koma oyendetsa anakwanitsa kutera pa chilumba cha Maui.

Vuto linali pamene malata awiri a khoma amasanjikizana. Anawamata ndi guluu n'kukhomera mizere itatu ya mariveti. Chinyezi cha mchere wa m'nyanja chitalowa, guluu anamatuka, chitsulo chinayamba kudyeka, ndipo mphamvu yonse inatsalira mariveti. Lata lake linali lopyapyala, losakwana milimita imodzi, ndipo mabowo anawagoba kuti mutu wa riveti ulowe, zomwe zinasiya m'mphepete mwakuthwa. Apa ndi pamene timing'alu tambirimbiri tinayambira.

Choopsa chagona pa kuchulukako. Okonza ndege ankadalira kuti mng'alu udzakhala umodzi, udzakula mpaka kuoneka, kapena udzaimitsidwa ndi malamba achitsulo a m'kati. Koma timing'alu tikandandalika bowo ndi bowo, kalikonse kobisika pansi pa mutu wa riveti ndi penti, timalumikizana nthawi imodzi. Diso silingatione msanga. Pamafunika chipangizo cha magetsi chomwe amachiyendetsa pa lata, chimene chimasonyeza pamene chitsulo chang'aluka. Ntchitoyi ndi yotopetsa, mariveti ndi zikwizikwi, ndipo kawirikawiri imagwiridwa usiku. Ine ndimaona kuti kupatsa woyendera nthawi yokwanira n'kofunika mofanana ndi chipangizocho.

Ngoziyi inasintha malamulo. Mu 1991 dziko la Amereka linakhazikitsa lamulo loyendera ndege zakale, ndipo mu 2010 bungwe la FAA, loyang'anira za ndege m'dzikolo, linalamula opanga ndege zikuluzikulu kuika malire a maulendo kapena maola, malinga ndi zimene anayesa ndi kutsimikiza. Ndege ikafika pamalirewo iyenera kusiya kunyamula anthu, ngakhale ikuoneka yabwinobwino, pokhapokha patapezeka umboni watsopano woti malirewo awonjezedwe.