Wailesi ikamathetheka, mverani nthawi imene phokosolo likubwera

Wailesi ya mabatire imene yayamba kuthetheka kapena kutaya siteshoni kawirikawiri imakhala isanafe. Vuto limabisala pamalo atatu: pogunda mabatire, pokwezera mawu ndi pa eriyo. Musanamasule sikuluu, yatsani wailesiyo muichite zinthu zitatu. Igogodeni pang'ono kumbuyo, potokozani kokwezera mawu, kenako gwedezani eriyo. Chimene chadzutsa phokoso ndicho chikulozerani kumene kuli vuto.

Tiyerekeze wailesi ya mabatire anayi aakulu imene imaduladula mawu mukaigogoda, ndipo mukakweza voliyumu mawu amasasa. Batire lililonse latsopano limapereka mavoti 1.5, ndiye anayi ondondozana amapereka 6. Moto umenewu umadutsa batire ndi batire mpaka pa kasipuling'i ndi kachitsulo ka kumapeto, choncho malo amodzi okha akachita dzimbiri wailesi yonse imavutika. Kusasa kwa mawu pokweza kumachitika chifukwa sipika imakoka moto wambiri mawu akakwera, ndipo batire lofooka kapena chitsulo chadzimbiri chimalephera kuupereka. Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, yezani wailesi ili chiyakire, chifukwa batire lotha limatha kuonetsa mphamvu yabwino likakhala pambali. Lililonse likatsika kufika pa voti imodzi, lasiyeni.

Chotsani mabatire muyang'ane zitsulozo powala. Ufa woyera kapena zobiriwira zomata ndi chizindikiro choti batire linadontha. Palani ndi kasandipepala kosalala mpaka chitsulo chiwale, pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, ndipo dikirani chiume. Sambani m'manja mukatha, ufawo usafike m'maso. Sipuling'i ikafota moti batire likugwedera, ikokeni pang'ono italike. Kupinda kapepala n'kukanikiza pambali, monga ambiri achitira, kumaletsa kugwedera koma sikuchotsa dzimbiri. Musaphatikize atsopano ndi akale: lakale limatha msanga, ndipo ndi limene limayamba kudontha. Kuyanika mabatire padzuwa kumangowatsitsimutsa kwa kanthawi kochepa.

Ngati kuthethekako kumabwera pokhapokha mukupotokoza kokwezera mawu, mabatire alibe mlandu. M'kati mwa kachipangizoko muli kanjira kakuda kozungulira, ndipo pamwamba pake pamayenda kachitsulo kopyapyala. Fumbi ndi utsi wa kukhitchini zikalowa, kachitsuloko kamadumphadumpha m'malo motsetsereka, n'chifukwa chake mawu amazima pena n'kuphulika pena. Chotsani mabatire, ndipo potokozani uku ndi uku kuchokera kumapeto mpaka kumapeto maulendo 30. Nthawi zambiri zimenezi zokha zimasesa kanjirako. Zikakanika, tsegulani chakumbuyo, pezani kampata pafupi ndi timiyendo ta kokwezera mawuko, donthezanimo madontho awiri a mankhwala otsukira zamagetsi kapena sipiriti, potokozaninso, ndipo dikirani mphindi 10 musanayatse. Mafuta ophikira, girizi ndi oyilo wa galimoto ayi: amakola fumbi, ndipo vuto limabwerera litakula. Mawu akamazimabe pamalo amodzimodzi mutatsuka, kanjirako kanaperepeseka, ndipo chatsala n'chakuti mmisiri aikepo kena.

Phokoso la eriyo ndi lina. Nthawi zambiri silikhala lophulika koma lofwenthera mosalekeza, ndipo limachepa mukagwira chitsulocho ndi dzanja, popeza thupi lanu likuthandiza kukoka siteshoni. Pa FM, eriyo ya pafupifupi masentimita 75 ndi imene imagwira bwino, choncho itulutseni yonse, muipendeketse pang'onopang'ono kufikira mawu atayera. Onani kasikuluu ka patsinde pake. Kakamasuka, eriyo imangogwa yokha ndipo imathetheka ikagwedezeka. Kamangeni. Ngati kutalikitsa ndi kufupikitsa eriyo sikukusintha kalikonse, mwina kawaya kake ka m'kati kanaduka, ndipo kafunika kuwotcherera. Yothyoka mutha kuilumikiza ndi waya wa kopa wosendedwa kumapeto, wopiringiza zolimba pa chitsa chotsalacho.

Pa MW chitsulo chakunjacho sichigwira ntchito pa mawailesi ambiri ang'onoang'ono. Eriyo yake ndi kandodo kakuda kokulungidwa ndi waya m'kati mwa wailesi, ndiye muzitembenuza wailesi yonseyo.

Nthawi zina wailesi ilibe vuto konse. Denga lamalata limafooketsa siteshoni, ndipo tchaja ya foni, babu la LED kapena inivata ya sola zimalavula phokoso lawo, makamaka pa MW ndi SW. Tulukani nayo pabwalo, kutali ndi mawaya. Ikayera mawu kumeneko, bwererani m'nyumba muzimitse zipangizozo chimodzichimodzi mpaka mutapeza chosokosacho, ndipo wailesiyo muiike pawindo, kutali nacho.